Manotsi a Lachisanu ku wodi ya ana: tizilemba chiyani pa asesimenti ndi pulani?

Intani wa ku Ana: Akuluakulu, mwaswera bwanji. Pali nkhani imene yandisowetsa mtendere kuyambira Loweruka, ndiye ndati ndiitule pano. Lachisanu raundi ya ku wodi ya ana ndinachita ndekha. Loweruka usiku cha m'ma 1 koloko achimwene amene anali pa kolo anandiimbira foni, akuti fayilo ya mwana wina aiwerenga katatu koma sakuona chimene ine ndinkaganiza. Mwanayo anali atayamba kubanika. Anamuika magazi usiku womwewo ndipo pano akusewera, koma mawu aja andikhala pamtima, chifukwa ine ndinkayesa kuti ndalemba zonse. Tsamba linadzaza. Ndinalakwitsa pati?

Kiliniko Wakale: Mwachita bwino kufunsa achimwene. Tiuzeni za mwanayo popanda dzina kapena mudzi, kenako mutilembere ndendende zimene munalemba pansi pa A ndi P, kutanthauza asesimenti ndi pulani. Musakonze kalikonse, mulembe momwe zinalili.

Intani wa ku Ana: Mwana wa zaka 3, makilogalamu 12. Anabwera Lachitatu masana atakomoka kawiri kunyumba, malungo anapezeka, pa sikelo ya Blantyre yoyezera kutsitsimuka kwa mwana anali pa 3, mlingo wa magazi, Hb, unali 6.8. Tinayamba atesuneti 36 mg nthawi ya 2 koloko masana, komanso seftiriyakisoni 1.2 g kamodzi patsiku. Lachinayi anatsitsimuka, Hb inali 5.6. Lachisanu m'mawa anali pa 5, akumwa phala, thupi 38.6, mtima 128, kupuma 34 pa mphindi, okosijeni 96 popanda makina, shuga 5.2, khosi lofewa, zikhatho zoyera. Mayi ake anandiuza kuti mkodzo ukutuluka wofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Zonsezi ndinalemba pa S ndi O, polemba zimene wauzidwa ndi zimene wapeza poyeza. Pafayilo ndinalemba m'Chingerezi monga mwa nthawi zonse, koma tanthauzo lake ndi ili. Pa A: malungo aakulu, kuchepa kwa magazi, mwina sepisisi. Pa P: pitirizani mankhwala, bwerezani Hb, muzimuyang'anira, aonedwenso.

Sisitala wa Usiku: Mundikhululukire ndilowerere msanga, chifukwa mawu akuti "muzimuyang'anira" amagwera ife. Usiku ndimakhala ndekha kapena awiri, ana odzaza wodi, ena awiri pabedi limodzi. Aliyense fayilo yake ikuti muzimuyang'anira. Ndiyang'anire chiyani, kangati, ndipo ndikaona chiyani ndidzutse munthu? Mukandilembera kuti muwerenge kupuma maola 4 aliwonse, kukafika 40 itanani wa pa kolo, mwana ameneyo ndimamusamutsira bedi loyandikira tebulo langa. Mukangoti muzimuyang'anira, amakhala komwe ali.

Wa ku Helefu Senta: Ine ndikuona ngati mnyamatayu tikumupanikiza. Njira ya SOAP, ya S, O, A ndi P ija, watsatira bwinobwino, manambala onse alipo. Wa pa kolo nayenso ndi kiliniko, anaphunzira. Akaona 6.8 kenako 5.6 sangadziwe yekha kuti magazi akutsika? Manotsi a raundi amafunika afupi. Ukamalemba nkhani yaitali pa mwana aliyense, raundi udzaimaliza dzuwa litalowa.

Kiliniko Wakale: Pa zakuti akhale afupi ndikugwirizana nanu achimwene, ndipo ndibwererapo. Koma taonani kumene manambala awiriwo ali. 6.8 ili pa pepala logonekera la Lachitatu, 5.6 ili pa kapepala ka ku labu kamene mwina kanangopanikizidwa kumbuyo kwa fayilo. Munthu wa pa kolo wadzutsidwa 1 koloko usiku, mwina magetsi azima, akuwerenga ndi tochi ya foni, mayi akulira pambali, ku matenite akumuitananso. Munthu ameneyo satsegula fayilo kuyambira kutsogolo. Amapita pa tsamba lomaliza, maso ake amalumpha S ndi O, amagwera pa A ndi P. Zimene sizili pamenepo ndiye kuti kwa iyeyo kulibe.

Tsono vuto la manotsi a achimwene athuwa si kufupika. Vuto ndi lakuti pa A analembapo maina a matenda okha. Maina atatu amenewo anali oona Lachitatu, anali oona Lachinayi, akanakhalanso oona tsiku lotuluka. Chinthu chimene chili choona masiku onse sichikuuza munthu za lero. Asesimenti ndi pamene umanena kuti vuto ili likulowera kuti, ukudziwira chiyani, ndipo chikukudetsa nkhawa n'chiyani. Achimwene a Intani, ndikufunseni: Lachisanu m'mawa mutaima pabedi paja, mumtima mwanu munkaopa chiyani pa mwana ameneyu?

Intani wa ku Ana: Magazi. Ndinaona kuti malungo akugonja, koma zikhatho zinali zoyera kuposa dzulo lake, ndiye mkodzo uja unandiganizitsa kuti magazi akuswekabe. Ndinkaganiza kuti Hb ikabwera pansi pa 5 timuika magazi.

Kiliniko Wakale: Ndiyetu asesimenti yanu ndi imeneyo, ndipo ndi yabwino. Munaiganiza bwino, koma munapita nayo kunyumba m'mutu. Pafayilo munasiya maina.

Dokotala wa ku Sentolo: Ndawerenga zonse, ndiyikepo mawu. Njira ya SOAP inachokera kwa dokotala wa ku America, Lawrence Weed, amene m'chaka cha 1968 analemba zakuti fayilo ya wodwala iziyalidwa potsata mavuto a wodwalayo, lililonse ndi nambala yake. Ife tinatengapo zilembo zinayi zija n'kusiya mbali ya mavuto, chonsecho ndiyo imene imathandiza wowerenga. Mwana uyu ali ndi mavuto atatu, ndipo sakuyenda njira imodzi: lina likuchepa, lina likukula, lina sitikulidziwa bwino. Ukawaunjika pa mzere umodzi, kenako n'kulemba pulani imodzi pansi pake, wowerenga sadziwa kuti "pitirizani" ikunena za vuto liti. Ine ndimaphunzitsa kuti vuto lililonse likhale ndi kandime kake, maganizo ako ndi zochita zikhale pamodzi pomwepo. Ndipo loyamba kulemba likhale limene lingaphe mwana usiku uno, osati limene anabwera nalo.

Ndiyese kulemba manotsi a Lachisanu ndi zokhazo zimene achimwenewa ankadziwa m'mawa umenewo. Ndilemba m'Chichewa, pafayilo mudzatembenuza nokha.

Mzere wapamwamba: Lachisanu, 9 koloko m'mawa, tsiku lachitatu m'wodi. Zaka 3, 12 kg. Malungo akuchepa koma magazi akutsika. Uyu aonedwe madzulo ano ndi mawa m'mawa.

Vuto 1, kuchepa kwa magazi, kukukulirakulira. Hb 6.8 Lachitatu, 5.6 Lachinayi. Zikhatho zayera kuposa dzulo, mkodzo wofiirira, ndikuganiza kuti magazi akuswekabe. Sindinamuike magazi m'mawa uno chifukwa sakubanika: kupuma 34, okosijeni 96, ali maso, akumwa. Hb ndi kolosimachi ndatumiza 9 koloko, zotsatira ndikatenga ndekha isanakwane 1 koloko. Aikidwe magazi ngati Hb ili pansi pa 5, kapena pa Hb ina iliyonse yosapitirira 6 ngati wayamba kupuma mozama kapena movutikira, kapena sikelo ya Blantyre yatsika. Mlingo: magazi athunthu 240 ml, kapena okhuthala 120 ml, kwa maola 3 mpaka 4. Anamwino: kupuma, mtima ndi sikelo ya Blantyre maola 4 aliwonse, kupuma kukafika 40 kapena okosijeni ikatsika pansi pa 90, yambani okosijeni ndipo itanani wa pa kolo.

Vuto 2, malungo aakulu, akuchepa. Sikelo ya Blantyre yachoka pa 3 kufika pa 5, sanakomokenso chigonekedwere, shuga 5.2. Atesuneti walandira katatu, womaliza Lachinayi 2 koloko masana. Akumwa, choncho atesuneti ndaimitsa pa tchati. LA piritsi 1, loyamba 10 koloko m'mawa uno, lachiwiri 6 koloko madzulo, kenako m'mawa ndi madzulo mpaka Lamlungu madzulo. Akasanza mobwereza kapena akasiya kumwa, abwerere pa atesuneti 36 mg.

Vuto 3 ndaima kaye, chifukwa sindikudziwa chimene seftiriyakisoni akuchiza. Achimwene, "mwina sepisisi" inachokera kuti?

Intani wa ku Ana: Zikomo adokotala, ndaona kusiyana kwake. Seftiriyakisoni tinayamba chifukwa Lachitatu mwana sankadziwa kanthu ndipo sitikanatha kutsimikiza kuti si matenda oumitsa khosi. Madzi a pamsana sitinatenge. Tsiku loyamba anali wofooka kwambiri, Lachinayi mayi anakana, akuti sangavomere okha mpaka bambo a mwana abwere kuchokera kumudzi. Amati abwera Loweruka.

Dokotala wa ku Sentolo: Kodi zimenezi zinalembedwa penapake?

Intani wa ku Ana: Ayi. Ndinangouza asisitala a masana pakamwa.

Dokotala wa ku Sentolo: Ndiye taonani mmene chinthu chimasinthira. Funso lenileni linali matenda oumitsa khosi, n'chifukwa chake mlingo unali 100 mg pa kilogalamu. Pofika Lachisanu funsolo lasanduka "mwina sepisisi". Wobwera Lolemba akaona zimenezo, mwana akusewera, amaimitsa mankhwala n'kumutulutsa osadziwa kuti panali funso limene silinayankhidwe. Kapena mwina palibe amene amalimba mtima kuimitsa, jakisoni amangopitirira mpaka kanyula yachinayi, mayi n'kuthawa naye mwana. Ndikanalemba chonchi.

Vuto 3, matenda oumitsa khosi sanatsimikizidwe kuti palibe. Seftiriyakisoni 1.2 g kamodzi patsiku, lero tsiku lachitatu, anayambidwa chifukwa cha kusadziwa kanthu pobwera. Madzi a pamsana sanatengedwe, mayi akudikira bambo, akuyembekezeka Loweruka. Ine ndikuona kuti mwayi wa matendawa ndi wochepa, poti khosi ndi lofewa ndipo watsitsimuka msanga, koma thupi likadali 38.6. Mankhwala apitirire pa mlingo womwewu. Bambo akabwera, wa pa kolo alankhule nawo, akavomera madzi atengedwe. Akakana, mankhwala asaimitsidwe kumapeto kwa sabata. Lolemba wamkulu wa wodi agamule tsiku lomaliza ndipo alilembe.

Pansi pake dzina lanu looneka bwino, udindo wanu, ndi saini.

Wa ku Helefu Senta: Ndawerenga, ndi zabwino, koma adokotala mwalemba mawu angati pamenepa? Ku sentolo muli ndi ma intani, ophunzira, marejisitira. Mnyamatayu anali yekha. Ana 40 kuwalembera chonchi aliyense n'zosatheka, tisanamizane.

Kiliniko Wakale: N'zosathekadi, ndipo n'zosafunika. Pa ana 40 amene mukunenawo, ambiri nkhani yawo ndi ya mizere iwiri: chibayo, tsiku lachitatu la mankhwala, kupuma kwatsika kuchoka pa 56 kufika pa 38, wachoka pa okosijeni dzulo, mawa asinthidwe kupita ku akumwa, akapitiriza chonchi atuluke Lamlungu. Basi. Koma onani kuti ngakhale m'mizere iwiriyo muli kumene akulowera, umboni wake, ndi chotsatira. Amene amafuna kandime pa vuto lililonse amakhala ana anayi kapena asanu, omwe aja ukamatuluka pageti la chipatala amakubwerera m'maganizo. Ndiye nthawi yake imachokera kuti? Imachokera pa S ndi O. Achinyamata ambiri amalembanso mbiri yonse ya Lachitatu tsiku lililonse, chifuwa chili bwino, mimba yofewa, chiwindi sichikumveka, mizere khumi, pofika pa A dzanja latopa. Pa O lembani zimene zasintha ndi zimene mwayang'ana dala chifukwa cha mavuto amene alipo. Inki yotsalayo ipite pa A ndi P.

Mzamba wa Kumudzi: Nkhani imeneyi ndi yoona. Ife kuno timatumiza mayi ku boma, akabwerako m'buku lake la kuchipatala mwangolembedwa kuti wathandizidwa, apitirize mankhwala. Mankhwala ati? Kwa masiku angati? Sabata yatha ndinalandira mayi wa BP yokwera atabereka, m'buku mulibe ngakhale dzina la piritsi limene anamupatsa, iye akungoti toyera tating'ono. Muziwauza anzanu a ku boma azilemba makalata obwezera bwino.

Sisitala wa Usiku: Amayi, dandaulo lanu ndi lomveka, koma apa tikukamba za manotsi a tsiku ndi tsiku a wodwala amene ali m'wodi, osati kalata yotulutsira. Komabe zimagwirizana. Wolemba buku la kuchipatala tsiku lotuluka nthawi zambiri si amene ankamuona wodwalayo, amangokopera zimene zili pa tsamba lomaliza la fayilo. Tsambalo likakhala kuti likungoti pitirizani, inunso mulandira pitirizani.

Mzamba wa Kumudzi: Chabwino, ndamva. Koma tsiku lina tidzaikambe ya mabukuyi payokha, chifukwa ikutipweteka.

Wa Lokamu: Ine ndine mmodzi wa anthu amene timalandira mafayilo otere Loweruka, m'wodi imene sitinagwiremo sabata yonse. Chimene chimandivuta kwambiri ndi "bwerezani Hb". Mawu awiri amenewa samandiuza ngati magazi anatengedwa kale, ngati ali ku labu, kapena ngati akudikira ine. Ndimapita ku labu, akuti sitinalandire. Ndibwerera ku wodi, asisitala akuti a masana ndi amene akudziwa. Nthawi zina ndimapeza kabotolo kali m'thireyi kuyambira dzulo, magazi ataundana. Achimwene a Intani, kwa mwana wanuyu zinayenda bwanji?

Intani wa ku Ana: Magazi ndinatenga ndekha n'kupatsa wothandiza m'wodi kuti apititse. Kenako ndinaitanidwa ku ana obadwa kumene, sindinabwerereko. Zotsatira zinatuluka Lachisanu masana, Hb 4.6, koma zinakhala m'buku la ku labu mpaka Loweruka usiku pamene achimwene aja anakazifufuza. Komanso poti ndinalemba kuti pitirizani, mwana anabayidwabe atesuneti Lachisanu ndi Loweruka, LA sanayambe.

Wa Lokamu: Ndiye mwaona. Hb ya 4.6 inakhala maola oposa 30 popanda mwini. Ine pempho langa kwa aliyense wolemba pulani ndi lakuti pa kuyeza kulikonse muzinena zinthu zitatu: zatengedwa kapena ayi, akatenge zotsatira ndani, nthawi yanji. Ngati mukudziwa kuti simudzakhalapo, lembani kuti wa pa kolo akatenge 4 koloko, ndipo mundiuzenso pakamwa pa handova. Ndikaona udindo wanga walembedwa ndi nthawi yake, ndimapita. Ndikaona "bwerezani", ndimaganiza kuti mwini wake akudziwa.

Wa ku Helefu Senta: Pamenepo ndavomera. Koma ndili ndi funso kwa adokotala. Mwalemba kuti magazi aikidwe Hb ikatsika pansi pa 5. Ife tinaphunzira 4. Kabuku ka WHO kosamalira ana m'chipatala kamati 4 kutsika pansi, ndipo pakati pa 4 ndi 6 pokhapokha ngati pali zizindikiro monga kubanika kapena kusadziwa kanthu. Ndiye 4.6 ya Lachisanu, mwana asakubanika, ine sindikanamuika. Magazi ndi osowa, botolo limenelo mwina likufunika kwa mayi amene akutaya magazi ku matenite.

Dokotala wa ku Sentolo: Mwawerenga bwino achimwene, kabukuko kamaterodi. Koma malangizo a WHO a malungo amanenanso kuti kumadera a malungo ambiri ana amaikidwa magazi Hb ikakhala pansi pa 5. Manambala onse awiri ali m'mabuku, ndipo m'zipatala zathu mupeza ena akutsata ili, ena ilo. Kwa mwana uyu ndasankha 5 chifukwa Hb yatsika ndi 1.2 pa tsiku limodzi, mkodzo ukusonyeza kuti kutsikako sikunathe, ndipo kutsogolo kuli Loweruka ndi Lamlungu pamene anthu ndi ochepa. Wina akhoza kusankha 4 ndipo sindingamunene kuti walakwa. Koma kusiyana kwathu kumeneku ndi chifukwa chenicheni cholembera nambala. Mukalemba kuti aikidwe magazi ngati kuli kofunika, inu mukuganiza 4, ine ndikuganiza 5, wa lokamu akuganiza zina. Mukalemba nambala ndi chifukwa chake, wobwerayo akhoza kutsutsana nanu, koma akutsutsana ndi chinthu chimene akuchiona, ndipo naye alemba chifukwa chake pansi.

Wa ku Helefu Senta: Ine ndikhalabe pa 4 ngati mwana sakubanika. Koma zolemba nambala ndatola.

Wophunzira Chaka Chachitatu: Pepani akuluakulu, ndifunse nawo. Ine ndimaopa kulemba kuti "ndikuganiza kuti". Tinauzidwa kuti fayilo ndi chikalata cha malamulo, tsiku lina ikhoza kukafika ku Medical Council of Malawi. Ndikalemba kuti mwayi wa matenda oumitsa khosi ndi wochepa, kenako n'kupezeka kuti analipo, si ndadzimangirira ndekha? N'chifukwa chake ambirife timangoika chizindikiro cha funso kutsogolo kwa matenda atatu anayi, kuti chilichonse chikapezeka tidzati tinachiganizira.

Kiliniko Wakale: Mwana wanga, mantha amenewo ndikuwadziwa, koma taganiza bwino. Anthu ofufuza fayilo akakhala pansi amafuna kuona ngati unamuona wodwala, ngati unaganiza, ndiponso ngati unachitapo kanthu mogwirizana ndi zimene unaona. Manotsi onena kuti mwayi ndi wochepa chifukwa khosi ndi lofewa ndipo watsitsimuka, komabe mankhwala apitirire mpaka madzi a pamsana atengedwe, akusonyeza munthu amene anaganiza n'kusiya chitetezo. Ngakhale matendawo atapezeka, mwana anali pa mankhwala oyenera. Koma mndandanda wa mafunso anayi wopanda pulani pa lililonse umasonyeza kuti unadziwa kuti chinthu chingakhalepo ndipo sunachite kanthu. Lamulo langa ndi lakuti chizindikiro cha funso chilichonse chimene waika pa A chikhale ndi mnzake pa P: tichitsimikiza bwanji, kapena tikuchiza bwanji podikira. Ngati ulibe chochita nacho, usachilembe pongofuna kudziteteza.

China, zimene wakana gadiyani uzilemba tsiku lomwelo, ndi chifukwa chimene wapereka, mopanda kumunyoza. Osangoti mayi wakana. Lemba kuti mayi akudikira bambo, abwera Loweruka. Woyambayo amatseka nkhani, wachiwiriyo amauza wa pa kolo kuti pali munthu woti alankhule naye.

Namwino ku Mangalande: Moni nonse kumudzi. Kuno zonse timalemba pa kompyuta, ndiye wina angaganize kuti vutoli kulibe, koma lilipo mwa mtundu wina. Munthu amakopera manotsi a dzulo n'kuwamata lero. Umapeza fayilo ikunena kuti tsiku lachiwiri la mankhwala kwa masiku anayi otsatizana, kapena pulani ikuti tikudikira zotsatira zimene zinabwera kalekale. Ena kuno amaika asesimenti ndi pulani pamwamba, zoyeza pansi, kuti wowerenga asavutike kutsika. Pa pepala sindikudziwa ngati zingayende, poti umalemba uku ukumuyeza mwana. Koma mzere wapamwamba umene alemba adokotala uja ukugwira ntchito yomweyo.

Dokotala wa ku Sentolo: Kukopera kulipo ngakhale pa pepala, achemwali, kungoti timakopera ndi dzanja. Njira yodziwira ndi yosavuta. Phimbani deti ndi chala, muwerenge A ndi P. Ngati simungathe kudziwa kuti manotsiwa ndi a Lachinayi kapena a Lachisanu, ndiye kuti sananene kanthu za tsikulo. N'chifukwa chake ndimaumirira kuti mankhwala ophera tizilombo azilembedwa ndi tsiku lake, lachitatu, lachinayi, komanso tsiku loimitsa kapena tsiku logamula. Nambala imeneyo imakukakamiza kutsegula tchati cha mankhwala, ndipo potsegulapo ndi pamene umapeza kuti dzulo jakisoni sanaperekedwe chifukwa kanyula inatuluka, kapena mankhwala anatha ku famase.

Sisitala wa Usiku: Pa tchati pomwepo ndiwonjezere. Mukalemba m'manotsi kuti atesuneti aimitsidwe, LA ayambe, koma tchati cha mankhwala osachikhudza, ife tipereka zimene zili pa tchati. Nthawi yopereka mankhwala sitiyenda ndi mafayilo, timayenda ndi matchati. Dulani mzere pa mankhwala akale, sainani, lembani atsopano ndi nthawi yoyambira, kenako m'manotsi munene kuti mwasintha. Ndiponso zimene mukufuna kwa anamwino muzizilemba pa mzere wakewake, osazibisa pakati pa ndime. Ndipo chonde muzilemba zotheka. Wina amalemba kuti shuga ayezedwe ola lililonse pamene timapepala toyezera tatsala 6 wodi yonse. Zikatero palibe chimene chimachitika, ndipo m'mawa timakangana. Mutifunse kaye kuti usiku uno tingakwanitse chiyani, tigwirizane, ndiye mulembe chimenecho.

Wa Lokamu: Ndi zidule zomwe. Chidule chimene mumagwiritsa ntchito ku wodi yanu yokha, ine wobwera sindichidziwa. Mlingo wa magazi ndi wa mankhwala lembani manambala enieni monga achitira adokotala, 240 ml, 36 mg, osangoti monga mwa ndondomeko. Usiku kuwerengetsa ndi pamene munthu amalakwitsa, makamaka ngati kulemera kwa mwana kwalembedwa pa tsamba loyamba lokha.

Intani wa ku Ana: Zikomo nonse. Lero ndayesa pa ana asanu amene amandidetsa nkhawa, enawo ndalemba mizere iwiri itatu. Raundi yatalika ndi mphindi ngati 20. Chimene chandivuta ndi ichi: pali mwana wina wotupikana amene sakuonjezera sikelo masiku 5, ndipo kunena zoona sindikudziwa chifukwa chake. Pa A ndinaima nthawi yaitali cholembera chili m'manja. Ndinamaliza ndi kulemba kuti sakukwera, chifukwa sichikudziwika, mkaka akumaliza malinga ndi tchati, sakutsegula m'mimba, HIV alibe, TB sitinafufuze, ndipo pa pulani ndaika zofufuza TB ndi kuti wamkulu amuone mawa pa raundi. Kodi kulemba kuti chifukwa sichikudziwika n'kololedwa?

Kiliniko Wakale: N'kololedwa, ndipo mmene mwalemberamo ndi momwemo, chifukwa mwanena zimene mwachotsapo kale ndi chimene chatsala. Wobwera mawa sayambiranso pa HIV. Chimodzi chokha: mwati mkaka akumaliza malinga ndi tchati. Mwaonako ndi maso anu akumwa? Nthawi zina kapu imatha chifukwa mayi akugawira mkulu wake amene ali naye pabedi pomwepo. Mukapite nthawi ya chakudya cha 3 koloko mukaime chapatali, ndipo zimene mukaone mukalembe pa O ndi nthawi yake.

Wa ku Helefu Senta: Nanga mwana woyamba uja, bambo anabwera? Madzi a pamsana anatengedwa?

Intani wa ku Ana: Anabwera Lamlungu, koma palibe amene analankhula nawo poti fayilo sinanene. Lolemba akuluakulu a wodi anasiyana maganizo, wina akuti mwana wachira tiimitse, wina akuti popanda madzi a pamsana timalize masiku onse ngati matenda oumitsa khosi. Pakali pano akulandirabe, lero tsiku la 7, ndipo ndalemba m'fayilo maganizo onse awiri ndi kuti chigamulo chichitika pa raundi ya mawa. Hb ya dzulo inali 8.1.

Dokotala wa ku Sentolo: Potuluka mulembe m'buku lake kuti abwere pakatha sabata imodzi kudzayezetsa Hb, ndiponso sabata yotsatira. Ana ena amene alandira atesuneti magazi amadzaswekanso pakati pa sabata yoyamba ndi yachitatu. Mulembemo Hb yotulukira ndi tsiku limene anaikidwa magazi, ndipo mayi muwauze kuti mkodzo ukadzafiiranso kapena zikhatho zikayera asadikire tsiku limene mwalembalo.

Mzamba wa Kumudzi: Mukalemba chonchotu ife kuno tidzadziwa chochita akadzatipeza. Makina a Hb tili nawo, timapepala take ndi timene timasowa nthawi zina, ndiye mulembenso kuti tikapanda kuyeza timutumize kwa inu.